Kugulitsa nyumba si chifukwa chothamangitsira tenanti mawa lomwe

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa khalidwe lomwe lafala kwambiri m'matauni mwathumu, loti landilodi akangopeza munthu ofuna kugula nyumba basi amatumiza kauthenga pa WhatsApp kwa tenanti kuti "nyumba ija ndagulitsa, pofika kutha kwa mwezi uno mukhale mutatuluka". Ine ndimayang'anira nyumba za lendi za achimwene anga omwe ali ku Joni, nde sindikuyankhula ngati mdani wa malandilodi ayi, ndili mbali yomweyo. Nyumba ndi yanu, kugulitsa ndi ufulu wanu palibe angakuletseni. Koma kugulitsa nyumba ndi nkhani ina, kuthetsa agirimenti ya munthu amene akukhalamo ndi nkhani inanso, ndipo anthu ambiri akumaziphatikiza ngati ndi chinthu chimodzi.

Ndipereke chitsanzo cha mayi ena oyandikana nawo kuno ku Area 25, sinditchula dzina. Lendi yawo ndi K150,000 pamwezi, amalipira miyezi itatuitatu mwa adivansi monga mmene zilili malo ambiri masiku ano, ndipo polowa anasiyanso dipoziti ya mwezi umodzi. Pa 1 Julayi anapereka K450,000, kutanthauza Julayi, Ogasiti ndi Seputembala. Pa 10 Ogasiti landilodi akubwera ndi ejenti komanso bambo wina osamudziwa, kuzungulira nyumba yonse mpakana kuchipinda chogona, kenako potuluka nkuwauza pakhomo kuti pa 31 Ogasiti makiyi akhale atabwezedwa chifukwa ogula akufuna kuyamba kupenta. Pakamwa basi, opanda kalata olo imodzi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuchokera pa 10 kufika pa 31 Ogasiti ndi masabata atatu okha. Munthu amene amakhala mwa lendi ya mwezi ndi mwezi, opanda tsiku lomwe munalemberana kuti agirimenti idzatha, notisi yake siyenera kuchepera mwezi wathunthu, komanso imayenera kuthera pomwe mwezi wa lendi ukuthera, osati pakatikati. Lamulo la Registered Land Act limanena zomwezi pa nyumba zomwe zili pamalo a taitolo, kuti notisi isachepere nthawi ya lendiyo ndipo igwere pa tsiku lolipira lendi. Ndekuti notisi yoperekedwa pa 10 Ogasiti singagwire pa 31 Ogasiti, imadumpha mpakana kutha kwa Seputembala. Ndipo olo tisapite kumalamuloko, Seputembala mayi aja analipira kale, ndalama landilodi anadya kale mu Julayi, nde akuwatulutsa bwanji m'mwezi omwe anagula? Ngati iye akufunitsitsa nyumba pa 31 Ogasiti njira ndi imodzi yokha, kuwapempha mayiwo, iwo avomere mwa kufuna kwawo, ndipo abweze K150,000 ya Seputembala kuphatikiza K150,000 ya dipoziti, K300,000 m'manja asanatuluke, chifukwa ndi ndalama yomweyo yomwe akakalipire kwina. Ena oganiza bwino amawonjezerapo ya lole yosamutsira katundu, imeneyo si lamulo koma ndi mtengo wa changu chomwe mwini wake akuchifuna.

Izi ndikunena ngati panalibe pepala. Ngati munasainirana agirimenti ndipo muli mzere oti aliyense ofuna kuthetsa apereke notisi ya miyezi itatu, ndiye kuti ndi itatu imeneyo, kuwerenga kuchokera pa 10 Ogasiti tikufika mu Novembala. Ngati agirimenti ndi ya chaka chathunthu, tinene Januwale mpaka Disembala, ndipo mulibe mzere olola kuthetsa pakati, kugulitsa nyumba sikufupikitsa chakacho. Apa ndi pomwe ambiri amadabwa. Ogula amagula nyumba pamodzi ndi tenanti wake, iyeyo ndi amene amasanduka landilodi watsopano pa mfundo zomwe zija, lendi yomweyo, mpakana nthawi ithe kapena apereke notisi yoyenera. Pamalo a taitolo lendi zazifupi, zosapitirira zaka zitatu, zimamumanga ogula olo zisanalembedwe ku Lands. Nchifukwa chake loya wanzeru amamufunsa ogula kuti mukufuna nyumba yopanda munthu kapena ndi tenanti momwemo, ndipo zimalembedwa mu agirimenti yogulitsirana. Ngati landilodi walonjeza ogula kuti adzapeza nyumba ili mbee pa tsiku lomwe notisi singakwane, vuto limenelo ndi la iye olonjezayo, asalitule pa mutu pa tenanti.

Chomwe chimandinyansa kwambiri ine ndi kuthamangira kupereka notisi malonda asanapse. Anthu inu, kugulitsa nyumba sikutha sabata imodzi. Ngati pali taitolo pamafunika kusechi ku Lands kuti aone ngati nyumbayo sinaikidwe chikole ku banki, pamafunika chilolezo chosinthira umwini, kalata ya MRA yoonetsa kuti za misonkho zili bwino, ma siti reti a ku khonsolo akhale olipira, ndipo ngati ogula akudalira loni banki imayamba yatumiza kaye owerengera mtengo wa nyumba kenako nkumadikira mayankho. Zonsezi ndi miyezi. Kumalo kopanda taitolo ngati mbali zina za Chinsapo kapena Mtandire zimathamangako chifukwa ndi kwa amfumu ndi mboni, komabe nakonso ogula amatha kupereka theka nkuzimiririka. Ndaonapo nyumba itakhala yopanda munthu nyengo yonse ya mvula, udzu mpaka m'mawindo, akuba atazula masinki ndi mawaya, chifukwa mwini wake anathamangitsa tenanti wabwinobwino olipira pa nthawi yake kenako loni ya ogula inakanidwa. Lendi yatayika, tenanti watayika, ndipo nyumba yatsika mtengo. Chanzeru ndi kumuuza tenanti poyambirira penipeni kuti nyumba ili pamalonda kuti maganizo akhale okonzeka, koma notisi yeniyeni ya tsiku ituluke pomwe mwasainirana ndi ogula ndipo ndalama yoyamba yalowa.

Notisiyo ikhale yolemba. Sikuti ifunika chizungu cha maloya ayi, Chichewa chomwechi chikwana, bola zofunika zilimo. Mwachitsanzo kwa mayi aja ikanayenera kumveka chonchi: "Lero pa 10 Ogasiti ndikukudziwitsani kuti nyumba yomwe mukukhala, pa puloti nambala yakutiyakuti, ndaigulitsa. Ndikupempha kuti mudzatuluke ndi kubweza makiyi pofika pa 30 Seputembala. Lendi munalipira kale mpaka tsiku limenelo. Dipoziti yanu ya K150,000 ndidzabweza tsiku lomwelo titayendera limodzi nyumba ndi kuona bilu ya madzi." Basi, asaine mwini nyumba, makope awiri, tenanti asaine kuti walandira ndi tsiku lomwe walandira. Kusaina kuti walandira sikutanthauza kuti wavomereza zonse, izi matenanti azidziwe chifukwa ena amathawa kalata poganiza kuti akapanda kuigwira ndiye kuti siikuwerengedwa. Akakana, pitani ndi mboni, kaya a bulokulida, musiye kalatayo pamaso pawo nkujambula. Uthenga wa pa foni ndi wabwino ngati chowonjezera koma foni imabedwa, pepala limakhala.

Komanso onetsetsani amene wasaina notisi ndi ndani. Ejenti amene wangopatsidwa ntchito yosaka kasitomala alibe mphamvu yotulutsa munthu m'nyumba pokhapokha mwini wake atamupatsa mphamvuyo. Ogula amene sanamalize kugula nayenso si landilodi wanu. Izi zimavuta kwambiri pa nyumba zamasiye, mwana m'modzi akugulitsa ena sakudziwa, tenanti akulandira mafoni atatu aliyense akuti lendi muzipereka kwa ine. Zikatero musasinthe komwe mumalipira mpakana mutalandira kalata yochokera kwa amene munapangana naye, kapena kwa amene ali ndi mapepala a khothi oyendetsera chuma chamasiyecho, yonena kuti kuyambira tsiku lakuti lendi izipita kwa uje.

Dipoziti ndi pomwe ndalama za anthu zimafera. Landilodi wakale akuti kafunseni ogula, ogula akuti ine sindinalandire ndalama yanu. Ngati tenanti akutuluka, amene analandira dipoziti ndi amene abweze, ndipo kudula kukhale pa zinthu zoonongeka zenizeni monga galasi losweka kapena chitseko chothyoka, osati penti yomwe yangofwifwa ndi zaka. Ngati tenanti akutsala ndi mwini watsopano zilembedwe kuti dipoziti ndi lendi ya adivansi zaperekedwa kwa ogula. Tsiku lotuluka jambulani mita ya madzi, ngati ili yolipira pambuyo bilu yomaliza ilipiridwe risiti isungidwe, mayunitsi a magetsi otsala mungogwirizana.

Nanunso matenanti tisamanamizane. Kulandira notisi si chilolezo chosiya kulipira lendi, eti poti ndikutuluka kale. Ukatero wampatsa landilodi chifukwa chenicheni chokutengera ku khothi pomwe poyamba olakwa anali iyeyo. Ndipo anthu ofuna kuona nyumba aloleni, bola akuuzeni nthawi isanakwane ndipo mwini wake kapena ejenti akhalepo, osati gulu kungotulukira Lamulungu m'mawa ana akusamba.

Nanga tsiku likakwana munthu osatuluka? Apa ndi pomwe malandilodi ena amazula zitseko, kuchotsa malata, kudula madzi, kusintha loko kapena kutuma anyamata kuti akaponye katundu panja. Zimenezi ndi zomwe zimasandutsa mwini nyumba kukhala oyankha mlandu, katundu akasowa kapena kunyowa adzalipira ndi iyeyo. Njira yake ndi khothi, khothi likagamula otulutsa munthu ndi a sherifu ali ndi chikalata m'manja. Apolisi atha kukukhazikani pansi kuti mumvane koma si iwo ogamula kuti munthu atuluke m'nyumba. Tenanti amene alibe ndalama ya loya atha kukafunsa thandizo ku Legal Aid Bureau, atatenga agirimenti ngati ilipo, malisiti a lendi kapena mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba osonyeza kuti amalipira, ndi notisi yomwe analandira.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi loti atolankhani anu akawafunse a ku unduna wa za malo ndi nyumba komanso makhonsolo kuti bwanji sakutulutsa fomu yachidule ya agirimenti ya lendi ndi ya notisi m'Chichewa ndi Chitumbuka, tsamba limodzi, yoti munthu atha kuipeza kwa bulokulida kapena ku ofesi ya khonsolo. Nyumba zambiri za lendi ku Ndirande, Bangwe, Kawale ndi Chibavi anthu amalowa ndi mawu a pakamwa okha, ndipo fomu yotereyi ikanakhala ndi mzere umodzi onena kuti nyumba ikagulitsidwa notisi ndi miyezi ingati ndipo dipoziti abweza ndani.

Ine wanu owerenga,
Oyang'anira nyumba za lendi,
Area 25, Lilongwe