Mutu wa ng'ombe umene unasanduka A

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Amayi ako andiuza kuti tsopano ukutha kulemba dzina lako wekha. Ndakondwa zedi, ndiye ndati ndikuuze kumene zilembo ukulembazo zinachokera.

Zaka zoposa 5,000 zapitazo, mumzinda wa Uruk, m'dziko limene lero timati Iraq, anthu anali ndi balere ndi ziweto zambiri moti kusunga chiwerengero pamtima kunkawakanika. Ankatapa dongo lofewa n'kuumba kaphale kokwana m'dzanja, n'kujambulapo ndi bango ngala ya balere kapena mtsuko, pambali pake timaenje tosonyeza kuchuluka kwake. Koma kukoka mzere wokhota padongo lonyowa n'kovuta, bango limakokolola dongo. Anayamba kumangodinda ndi nsonga ya bangolo, ndipo m'kupita kwa zaka zithunzi zija zinasanduka timizere tooneka ngati timisomali.

Nanga moyo ungaujambule bwanji? Apa ndiye panagona nzeru. M'chinenero chawo, Chisumeri, muvi ankati ti, moyonso ankati ti. Basi akafuna kulemba moyo, ankajambula muvi. Chithunzi chinayamba kuimira zimene khutu likumva, osati zimene diso likuona. Komabe zizindikiro zinali mazanamazana, ndipo mwana ankatha zaka zambiri akuziloweza.

Ku Iguputo nakonso ankalemba ndi zithunzi. Zaka pafupifupi 3,800 zapitazo, anthu olankhula Chikanani amene ankagwira ntchito kwa Aiguputo anatengako zithunzi zochepa chabe. Zolemba zawo zinapezeka pamiyala ya ku Sinai, kumigodi ya miyala yobiriwira ya mtengo wapatali. Iwo anati chithunzi chilichonse chiziimira liwu loyamba lokha la dzina lake. Nyumba ankati beti, ndiye nyumba inakhala B. Madzi anakhala M, ndipo mafunde ake ukuwaonabe mu M wakoyo. Ng'ombe ankati alefu, ndipo ankajambula mutu wake wokha, wa nyanga ziwiri.

Patapita zaka, kalembedwe kameneka kanafika kwa Afoinike, amalonda apanyanja, amene ankalemba ndi zilembo 22 zokha. Mutu wa ng'ombe unali utagona cham'mbali tsopano, timizere titatu basi. Koma analibe a, e, i, o, u. Taganiza, munthu atakulembera mwn, ungadziwe bwanji ngati akunena mwana, mwini kapena mwano? Agiriki ndiwo anakonza zimenezi. Alefu ankaimira kaliwu kapakhosi kamene m'Chigiriki munalibe, ndiye anamutenga kuti akhale a, n'kumutcha alefa. Pang'onopang'ono anaimirira nyanga zili pansi. Zilembozi zinafika ku Italiya, Aroma n'kuzilandira, ndipo zawozo n'zimene timalembera Chichewa.

Tenga pensulo ulembe A wamkulu, kenako utembenuze kope lako mutu pansi, uone nyangazo. Ukatero ulembe mwn, uwapatse amayi ako awerenge, ndipo udzandiuze zimene ayankhe. Uwapatse moni onse kunyumbako.

Ndine agogo ako okukonda.