Lipoti la Msonkhano: Kusankha Bizinesi Imodzi Pamene Maluso Achuluka

A Wapampando ndi mamembala nonse,

Munandituma kumsonkhano wa amalonda ang'onoang'ono kuti ndikamve za vuto limene ambirife tili nalo, loti munthu amatha ntchito zitatu kapena zinayi koma sadziwa yoti aikepo mtima. Zokambidwa zinali zambiri. Ndikufotokozerani njira imodzi imene ndaona kuti ingatithandize.

Mphunzitsi anati tiyambe ndi kope. Tilembe ntchito zimene anthu anatilipiradi pa miyezi itatu yapitayi, osaphatikizapo zimene achibale amangoyamikira pakamwa. Pa ntchito iliyonse tichotse ndalama ya zipangizo ndi ya mayendedwe, kenako yotsalayo tigawe ndi maola onse amene ntchitoyo inadya. Apa ndi pamene ambiri timadzinamiza, chifukwa nthawi yokambirana mtengo, yobwereza zolakwika ndi yolondola ngongole sitiiwerengera.

Anapereka chitsanzo chongoyerekezera cha mayi wodziwa kujambula zithunzi komanso kusoka. Akajambula paukwati amalandira 100, ndipo akachotsa zonse zimene wawononga amatsala ndi 70. Koma kujambulako kumatenga maola 8, kukonza zithunzi pakompyuta maola 4, kukambirana ndi kukapereka zithunzizo maola 2. Onse pamodzi ndi maola 14, ndiye kuti pa ola amapeza 5. Akachepetsa diresi amalandira 12 yokha n'kutsala ndi 9, pa ola limodzi ndi theka. Pamenepo pa ola wapeza 6. Ambiri tinali titasankha kale zithunzi poona 100 uja.

Kusiyana kwa 5 ndi 6 n'kochepa. Chachikulu, malinga ndi mphunzitsiyo, ndi kubwerera kwa kasitomala. Wa ukwati amabwera kamodzi, ndiye umayambiranso kusaka wina, pamene wa zovala akakhutira amabweranso, mwinanso ndi mnzake.

Bambo wina anafunsa za luso limene sunagulitsepo. Yankho linali loti usagule makina. Pita kaye kwa anthu khumi osakhala abale ako, uwauze mtengo, upemphe dipoziti. Onse akati "ndi nzeru yabwino" koma osatulutsa ndalama, dziwa kuti msika sunapezeke.

Ine ndili ndi chenjezo limodzi pa njirayi. Miyezi itatu ikhoza kutipusitsa ngati yagwera pa nyengo imene ntchito ina imayenda malonda kuposa masiku onse. Amene muli ndi zolemba za chaka chathunthu, gwiritsani ntchito zimenezo.

Za maluso otsalawo mphunzitsi uja sanati tiwataye. Ntchito ikadzibweretsa yokha tikhoza kuigwira, koma mpamba ndi kutsatsa zipite ku bizinesi imodzi kwa miyezi isanu ndi umodzi, kenako tiwerengenso.

Ndikupempha kuti pamsonkhano wathu wotsatira aliyense abwere ndi kope lake, tidzawerengere limodzi awiriawiri.

Zikomo,
Nthumwi yanu