Dandaulo: munasiya satifiketi ya inspekishoni mu LC yanga, katundu wabwera wina

Kwa a Manijala,
Nthambi yoona za malonda akunja

Zikomo bwana. Ndalemba kalatayi chifukwa kuimba foni ndatopa, nthawi zonse yankho ndi lomwe lija lakuti "tikuyang'ana nkhani yanu", ndiye mwina zikakhala papepala wina aziwerenga mpaka kumapeto.

Ine ndimagulitsa zipangizo za zigayo ku Limbe ndipo akaunti ya bizinesi ili kwa inu konko. Chaka chino ndinapeza sapulaya watsopano wa ku Ningbo ku China, munthu amene sindinamuonepo ndi maso, timangolemberana pafoni basi. Tinagwirizana mamota 40 a 15 kW a waya wa kopa, imodzi madola 600, zonse pamodzi madola 24,000. Iye ankafuna ndimutumizire dipoziti ya 30% kaye, ine ndinati ndipereka pokhapokha banki yake itulutse galanti yoti akapanda kutumiza katundu ndalama yanga ibwerere, iye anati zimenezo ndi zodula komanso zochedwa. Ndi pamene ofisala wanu anandiuza kuti titsegule leta ofu kirediti, LC ija, kuti sapulaya adzalandire ndalama akadzaonetsa mapepala amene ine ndasankha. Ndinavomera, munatsekera ndalama yonse mu akaunti yanga ngati chikole, ndipo ndinadikira foleksi masabata angapo osadandaula poti vuto la madola tonse tikulidziwa.

Pafomu yofunsira LC ndinalemba ndi dzanja langa mapepala anayi: invoisi, mndandanda wa mmene katundu walongedzedwera, bilu ofu ledingi, ndi satifiketi ya inspekishoni yochokera ku kampani yoyendera katundu yomwe si ya sapulaya, yotsimikiza kuti atsegula ena mwa mamotawo asanalowe mu kontena ndipo waya wake ndi wa kopa. Kope ya fomuyo ndili nayo, ili ndi chidindo chanu. Pepala lachinayilo ndiye linali mtima wa nkhani yonse, chifukwa invoisi ndi mndandanda uja amalemba sapulaya yekha, akhoza kulembapo chilichonse chimene wafuna, ndipo bilu ofu ledingi imangonena kuti kontena yakwera sitima, a sitimawo satsegula mabokosi kuti aone mkati. Pa anayiwo limodzi lokha ndi lomwe munthu wapadera amalemba ataona katundu ndi maso.

Ndinapempha kuti mundionetse drafuti musanatumize, simunatero. Kope ya MT700, uthenga umene banki imatumiza potsegula LC, inandipeza patapita masiku awiri uthengawo utapita kale pa SWIFT, njira imene mabanki amatumizirana mauthenga, ndipo nditayang'ana pa 46A, pomwe pamalembedwa mapepala ofunika, ndinapeza atatu okha. Satifiketi ija palibe. Pa 45A mawu akuti waya wa kopa analipo inde, koma mawu amenewo sapulaya amangowakopera pa invoisi yake, palibe amene amamufunsa umboni.

Tsiku lomwelo ndinabwera ku ofesi kwanu. Ofisala uja anayang'ana fomu, kuyang'ana MT700, kenako anati "apa zinangodumphika potaipa, tipanga amendimenti musadandaule bambo". Munatumizadi MT707 ndipo chindapusa chake munadula mu akaunti yanga, ine kulipira kulakwitsa kwanu. Chimene sanandiuze, ndipo ndachidziwa mochedwa nditakhala pansi ndi mnzanga amene wakhala akuitanitsa katundu zaka zambiri, ndi chakuti pa malamulo a UCP 600 omwe LC yanga imatsatira, gawo 10, LC ikangotuluka simungaisinthe popanda wolandira ndalamayo kuvomera, ndipo akangokhala chete mawu oyamba aja ndi amene amagwirabe ntchito. Sapulaya wanga anangokhaladi phee. Ndinamufunsa kawiri, ankayankha za nyengo ndi za sitima, za amendimenti osatchulako. Apa mpamene ndinayamba kununkhiza kuti pali chinachake, munthu amene katundu wake ndi weniweni sathawa inspekishoni, koma nthawi imeneyo ndinalibenso chogwira, LC sindikanatha kuifafaniza ndekha.

Anakweza katundu, anapereka mapepala atatu aja ku banki yake, anafika kwa inu, munawayang'ana m'masiku asanu ogwira ntchito amene malamulo amakupatsani, munapeza kuti akugwirizana ndi LC ndipo munalipira. Kontena inatsika pa Beira, kudutsa pa Mwanza, ndinalipira msonkho ndi thiransipoti.

Tsiku lotsitsa anyamata anga ndi amene anayamba kudabwa, akuti bwana mamotawa akupepuka bwanji. Ndinaitana amisiri a zamagetsi amene ndimagwira nawo ntchito, anamasula chivundikiro cha kumbuyo cha mota imodzi, waya pamwamba wofiirira bwinobwino ngati kopa, koma atapala pang'ono ndi kampeni mkati munatuluka moyera mbee. Aluminiyamu wopaka vanishi. Tinatsegula zina zisanu, chimodzimodzi. Pa kachitsulo ka pambali palembedwa 15 kW mwaulemu wake. Mota ya aluminiyamu imagwira ntchito, sindikunama ayi, koma mtengo wake ndi wotsika ndipo makasitomala anga a zigayo amene amagaya kuyambira mmawa mpaka usiku safuna kuimva nkomwe, ndipo ine sindingawanamize kuti ndi kopa. Sapulaya pano mauthenga anga amangowawerenga osayankha.

Nditabweretsa nkhaniyi munandiyankha kuti banki imaona mapepala, siona katundu. Bwana zimenezo ndikuzidziwa, ndi gawo 5 la UCP 600 lomwelo, ndipo sindikukuimbani mlandu woti simunapite ku Ningbo kukapala waya. Sindikunenanso kuti mukanakana kulipira, mapepala atagwirizana ndi LC munalibe njira ina. Mlandu wanga ndi wakuti poti inu mumaona mapepala okha, chitetezo changa chonse chinali pa mndandanda wa mapepalawo, ndipo mndandandawo munaulemba mosiyana ndi zimene ndinakuuzani. Satifiketi ija ikanakhala pa 46A, sapulaya akanayenera kuitana oyendera katundu nkugwidwa katundu asanakwere, kapena kubweretsa mapepala opanda satifiketi, inu nkuwakana nkundifunsa ngati ndikulola kuti alipidwe choncho, ine nkunena kuti ayi. Njira zonse ziwiri madola anga akanakhala alipo.

Ndiye chimene ndikupempha ndi ichi. Mundiyankhe polemba, osati pafoni, ndipo muvomere kuti fomu yanga ndi MT700 yanu zikusiyana. Mundibwezere chindapusa cha amendimenti ija, chimenecho sichifuna nkukambirana komwe. Kenako tikhale pansi pa za kusiyana kwa mtengo, chifukwa nditafunsa kwa masapulaya ena mota ya aluminiyamu ya saizi imeneyi ikutsika ndi madola pafupifupi 150 poyerekeza ndi ya kopa, pa mamota 40 ndi madola 6,000, osawerengera msonkho umene ndinalipira pa mtengo wa kopa. Ndikufunanso kudziwa chifukwa chake drafuti sinabwere pomwe ndinaipempha, ndili ndi oda ina ya malamba ndi mabeyaring'i ikubwerayi ndipo siituluka ndisanawerenge mzere uliwonse nkusainira.

Ndikudikira yankho lanu m'masiku 14. Likapanda kubwera nditenga fomu, MT700, MT707 ndi zithunzi za waya uja kupita nazo ku Reserve Bank kumene amalandira madandaulo a makasitomala a mabanki. Mota imodzi yotsegula ndaisunga mu galimoto, mukafuna ndibwera nayo mudzapale nokha.

Ine kasitomala wanu,
Wogulitsa zipangizo za zigayo, Limbe