Tisanadzudzule kampani ya intaneti, tiyambe tayeza

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa dandaulo limene limamveka paliponse pomwe pali intaneti, lakuti "netiweki ikuchedwa". Ntchito yanga ndi yoika ndi kukonza marauta m'nyumba ndi m'maofesi ang'onoang'ono, ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti anthu amataya ndalama asanadziwe pomwe pagona vuto. Wina amagula rauta yatsopano pomwe yakale inalibe mlandu. Wina amasiya kampani n'kupita ku ina, n'kupeza kuti zinthu zili chimodzimodzi. Palinso amene amangopirira laini yodwaladi, chifukwa akaimba foni kukampani amauzidwa kuti azimitse rauta n'kuyatsanso, ndipo iwo alibe umboni woti ayankhire.

Chilichonse chimene mwatumiza pa intaneti chimayenda ulendo wa zigawo zitatu. Chimachoka mufoni kapena mukompyuta yanu, chimafika pa rauta kudzera pa waifai kapena pa chingwe, kenako chimatuluka m'nyumba pa laini ya kampani. Masamba oyezera liwiro aja amene ambiri timathamangira amapereka nambala imodzi ya ulendo wonsewo. Akakuuzani kuti 3 Mbps, kutanthauza mamegabiti atatu pa sekondi, akuuzani zoona, koma sanakuuzeni kuti liwirolo latayikira pa chigawo chiti.

Chipangizo chanu n'chosavuta kuchigwira ngati ndicho cholakwa. Tengani foni ina kapena laputopu ina, muime nayo pamalo omwewo, pa waifai yomweyo, mutsegule tsamba lomwelo. Ngati inayo ikuthamanga pomwe yanu ikukwawa, musiyeni rauta. Pa kompyuta ya Windows tsegulani Task Manager muone ngati Memory kapena Disk zafika pafupi ndi 100%. Kompyuta yodzaza chonchi imachedwa kutsegula masamba ngakhale laini ikhale yabwino motani. Onaninso ngati VPN, pulogalamu yobisa zimene mukuchita pa intaneti, ndi yoyatsa, chifukwa imazungulitsa uthenga wanu kutali usanafike kumene ukupita.

Pamene pamasokoneza ndi pomwe zipangizo zonse zikuchedwa limodzi. Apa ine ndimagwiritsa ntchito lamulo lakale lotchedwa ping, limene limatumiza kauthenga kakang'ono n'kuwerenga nthawi imene yankho latenga kuti libwere, m'mamilisekondi. Luso lake ndi kutumiza kumalo awiri nthawi imodzi: ku rauta yanu, ndi ku kompyuta ina yakunja. Tsegulani Command Prompt, pulogalamu ya Windows yolembamo malamulo, mulembe `ipconfig`, muyang'ane mzere wolembedwa Default Gateway. Nambala imene ili pamenepo ndi adiresi ya rauta yanu, kawirikawiri 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1. Kenako tsegulani mawindo awiri a Command Prompt, muwaike moyandikana, lililonse ndi lamulo lake:

```
ping -t 192.168.1.1
ping -t 8.8.8.8
```

Pa lamulo loyambalo muike adiresi ya rauta yanu ngati ili yosiyana. Adiresi yachiwiriyo ndi ya seva ya Google imene imayankha pafupifupi nthawi zonse. Zisiyeni ziziyenda kwa mphindi zingapo pa nthawi imene vuto likuchitika, osati m'mawa zonse zili bwino. Mukafuna kuimitsa, dinani Ctrl ndi C pamodzi.

Kawerengedwe kake nkaka. Rauta ili m'nyumba mwanu momwemo, choncho yankho lake liyenera kubwera msanga: pa chingwe `time<1ms` kapena pafupi pamenepo, pa waifai yabwino mamilisekondi ochepa, osafika khumi nthawi zambiri. Mukaona windo la rauta likudumphadumpha, pano 4, pano 300, pano `Request timed out`, ndiye kuti uthenga ukuvutika usanatuluke n'komwe m'nyumba, ndipo kampani sikukhudzidwa. Lumikizani laputopu ku rauta ndi chingwe, muzimitse waifai ya laputopuyo, muyesenso. Zikakhazikika, vuto ndi waifai: mtunda, makoma, kapena marauta a oyandikana nawo amene akulimbirana mpata pa mafunde a waifai a 2.4 GHz, pomwe matchanelo osalowererana ndi atatu okha, 1, 6 ndi 11. Kusamukira pa 5 GHz kumathandiza, ngakhale kuti iyo sipyola makoma bwino. Zikapanda kukhazikika ngakhale pa chingwe, sinthani chingwecho. Zikakanabe, rauta ndiyo yadwala, ndipo nthawi zambiri mukaigwira mupeza kuti yatentha kapena tchaja yake yafooka.

Koma nanga windo la rauta likakhala bata, pomwe la kunja likulumpha? Ambiri, ngakhale anzanga a ntchito, amagamula pomwepo kuti kampani yalakwa. Apa ndi pomwe ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa chigamulo chimenechi chimakhala chopupuluma.

Ndinaitanidwa ku nyumba ina kumene mayi wina amaphunzitsa ana kudzera pa vidiyo madzulo. Laini yawo ndi ya 20 Mbps polandira ndi 5 Mbps potumiza. Madzulo alionse mawu ankaduka, nkhope zinkauma pasikirini, ndipo iwo anali atakonzeka kale kusiya kampaniyo. Titayendetsa ping ziwiri zija, rauta inkayankha pa 2 ms osasunthika. Yakunja inkayamba pa 35 ms, n'kukwera kufika 700, nthawi zina kupitirira 1000. Aliyense akanati laini ndiyo. Ndinawapempha kuti tizimitse waifai ya rauta kwa kanthawi, titsale ndi laputopu imodzi pa chingwe. Pasanathe masekondi angapo, nambala yakunja inatsika kubwerera pa 35 n'kukhala pomwepo. Laini inali yomweyo, nthawi inali yomweyo, kampani sinasinthe kanthu. Chimene chinasintha n'chakuti zipangizo zina za m'nyumbamo zinachotsedwa.

Tinayatsanso waifai n'kubweza zipangizo chimodzichimodzi, maso ali pawindo lija. Wailesi yakanema italowa, nambala inangogwedezeka pang'ono. Foni ya bambo italowa, palibe chinachitika. Foni ya mwana wawo wamkulu itangolowa, nambala inakwera. Foniyo inali itatcheredwa kuti ikakhala pa waifai izitumiza yokha zithunzi ndi mavidiyo onse kukasungidwa pa intaneti, ndipo mnyamatayo amafika panyumba nthawi yomwe mayi ake akuyamba kuphunzitsa. Vidiyo ya 600 MB ndi mamegabiti 4800, poti baiti imodzi ili ndi mabiti 8. Pa 5 Mbps imafuna masekondi 960, omwe ndi mphindi 16, njira yotumizira itadzaza thothotho. Akajambula mavidiyo atatu otero, ola latsala pang'ono kutha.

Mwina wina afunsa kuti kutumiza kukuchedwetsa bwanji kulandira, poti njira zake n'zosiyana. Chifukwa chake n'chakuti kulandira kulikonse kumafuna kutumiza. Mukadina tsamba, pempho lanu limatuluka. Pamene tsambalo likubwera, kompyuta yanu imatumizabe timauthenga totsimikiza kuti yalandira, ndipo seva yotumiza tsambalo imadikira timeneti isanapitirize. Njira yotumizira ikadzaza, rauta imaika zonse pamzere umodzi, ndipo marauta ambiri amalola mzerewo kutalika kwambiri. Zili ngati khomo limodzi lopapatiza pomwe wina akutulutsa katundu wa nyumba yonse: amene wangonyamula kakalata amadikirabe kumbuyo kwa makabati. Mawu a mayi aja anali kakalatako. N'chifukwa chake vuto limeneli limapweteka kwambiri pa kuyankhulana kwa pa vidiyo ndi pa masewera, pomwe woonera filimu mwina sazindikira n'komwe.

Mankhwala ake sanafune kugula kanthu. Tinatchera foni ija kuti isamatumize yokha nthawi ya maphunziro. Tinalowanso patsamba la rauta, polemba adiresi yake ija mu bulawuza, n'kupeza gawo lotchedwa QoS, loyendetsera mzere wa mauthenga. Pamenepo tinaika malire a kutumiza pa 4.5 Mbps, pansi pang'ono pa mphamvu ya laini, kuti mzere uzipangika mu rauta momwe ungathe kuyendetsedwa, osati kutsogolo kumene sitingathe kuulamulira. Marauta amene ali ndi SQM, njira yoletsa mzerewo kutalika, amachita zimenezi bwino koposa. Si rauta iliyonse ili ndi zotere, ndipo m'pomwe pokha ndimavomereza kuti kugula ina kungakhale kwanzeru.

Palinso msampha wina wa chingwe umene ndimakumana nawo kwa amene amalipira liwiro lalikulu. Munthu walipira 200 Mbps koma akayeza pa chingwe amapeza 94, tsiku lililonse, usana ndi usiku. Nambala yosasunthika chonchi kawirikawiri siyochokera ku kampani, chifukwa laini yodzaza imakwera ndi kutsika. Ndi chizindikiro chakuti kulumikizana kwa chingwe kwakhazikika pa 100 Mbps. Chingwe cha netiweki chili ndi timawaya 8. Liwiro la 1000 Mbps limafuna tonse, pomwe la 100 limafuna 4 tokha, choncho kawaya kamodzi kakaduka, zipangizo zimatha kungotsikira pa 100 mwakachetechete. Mwinanso doko lolumikizira chingwe la rauta kapena la kompyuta ndi lakale, lolekezera pa 100 pomwepo.

Tsono ngati mwatsala ndi kompyuta imodzi pa chingwe chabwino, waifai itazimitsidwa, rauta ikuyankha msanga, koma windo lakunja likulumphabe kapena kutaya mayankho, pamenepo muli ndi mlandu weniweni ndi kampani. Yesani adiresi ina yakunja, monga 1.1.1.1, kuti musaweruze ndi seva imodzi. Muyese m'mawa ndi madzulo kwa masiku angapo. Zikamakhala bwino m'mawa n'kumaipa madzulo, ndiye kuti ogwiritsa ntchito achuluka kuposa zimene zida za kampani m'dera lanu zingasenze, ndipo waluso wobwera kunyumba kwanu sadzapeza chokonza. Zikamaipa nthawi iliyonse, kayikirani waya wolowa m'nyumba, kapena mphamvu ya siginolo ngati rauta yanu ndi ya simu khadi. Ya simu khadiyo yesani kuiika pazenera, ndipo funsani ngati sanakuchepetsereni liwiro mutadutsa malire a bandulo yanu.

Pempho langa kwa makampani n'lakuti amene amayankha mafoni aziphunzitsidwa kumva umboni wotere. Munthu akanena kuti wayeza pa chingwe ndi kompyuta imodzi, rauta ikuyankha pa 1 ms, yakunja ikutaya mayankho kuyambira 7 koloko madzulo, asamubwezenso ku nkhani yozimitsa rauta. Amupatse nambala ya dandaulo lake ndi kulipereka kwa akatswiri oona za laini. Ndipo inu owerenga, mukaimitsa ping musatseke windo msanga. Pansi pake pamatuluka mzere wa Sent, Received ndi Lost, ndi wina wa Minimum, Maximum ndi Average. Jambulani mizere imeneyi ya mawindo onse awiri, nthawi ikuoneka pakona ya sikirini, mutumize pamodzi ndi dandaulo lanu.

Ine wanu,
Muwerengi wokonza manetiweki