Lipoti la msonkhano wa mapulojekiti a sayansi feya

Moni ahedi, aphunzitsi anzanga ndi makolo a mukomiti. Kumsonkhano wa aphunzitsi oyang'anira makalabu a sayansi komwe munandituma kuja mtauni mwa Zomba ndinapitadi, ndiye ndati ndilembe pompano kuti olo amene simubwera Lachisanu mumve zomwe tinakambirana.

Nkhani yaikulu inali yoti mapulojekiti a makatoni aja tiwasiye. Mwana amapanga kanyumba ka katoni nkuikamo kababu ka tochi, kamaoneka bwino inde koma majaji akamufunsa kuti wayeza chani ndipo wapeza chani amangokhala duu. Chomwe akufuna nchoti mwana atenge vuto lomwe amaliona kunyumba kwawo, aliyese ndi sikelo kaya wotchi, afanizire njira ziwiri zitatu, manambala aoneke. Maganizo anatuluka ambiri ndithu. Ena akuti kufanizira nkhuni zomwe zimatha pa mafuwa ndi pa chitetezo mbaula powiritsa malita awiri a madzi mupoto yemweyo, zomwe kuno nzomveka poti mitengo ya m'phiri la Zomba tonse tikuiona mmene ikuthera. Ena akuti nthangala za chammwamba zosinja zodikhitsa matope m'madzi a mu Likangala, ngakhale apa tinachenjezana kuti madzi kuyera sindiye kuti majeremusi afa, mwana asamwe. Koma ine yomwe ndikupempha kuti sukulu yathu itenge ndi ya anankafumbwe, chifukwa palibe khomo lomwe silinadandaulepo chimanga kufumbwa, komanso zipangizo zake nzotola.

Funso la mwana likhale limodzi basi: pakati pa phulusa, masamba a nimu ndi kutsekera mpweya, chomwe chimateteza chimanga kwambiri nchiti? Pafunika mabotolo 12 ofanana a theka la lita, agalasi ndiye abwino chifukwa nankafumbwe wamkulu uja, amene amasiya ufa wambirimbiri, amaboola ndi pulasitiki yomwe. M'botolo lililonse muike magalamu 300 a chimanga cha mtundu umodzi cha m'thumba limodzi, kenako anankafumbwe amoyo 20. Atatu muthire phulusa losefa, atatu nimu wouma wosinja, ndipo muyezo wake muuyese pasikelo nkulemba osati kungotapa ndi dzanja. Atatu ena musathire kanthu koma mutseke zolimba ndi chitsekerero chake nkumata tepi. Atatu otsalawo musathirenso kanthu, awa ndiye ofanizira, osonyeza zomwe zimachitika munthu ukangochisiya chimanga. Onse kupatula otseka zolimba aja amangidwe kansalu kukamwa ndi mphira kuti mpweya uzilowa koma tizilombo tisathawe.

Apa mphunzitsi wina wa ku mbali ya Domasi anafunsa kuti bwanji osangoti mabotolo anayi, njira iliyonse limodzi, ntchito ichepe. Anamuyankha bwino zedi. Botolo limodzi litha kungochitika kuti munagwera anankafumbwe aakazi ambiri kapena kansalu kanang'ambika, ndiye mwana nkumanena kuti nimu sagwira ntchito pomwe vuto linali la botololo. Akakhala atatu cholakwika chimaonekera chokha.

Pomwe tinakhalitsa ndi pa chimanga choyambira. Nankafumbwe wamkazi amaboola njere, kuikira dzira mkati nkumatapo, kamphutsi nkumadya mkati momwemo osaoneka, mpaka patatha milungu inayi kapena isanu kukakhala kotentha mpomwe amatuluka wamkulu nkusiya bowo. Ndiye chimanga chooneka chabwinobwino chitha kukhala ndi mazira kale, mwana nkuika 20 koma botolo lina linayamba ndi ochuluka. Njira yake nkusankha njere zopanda mabowo, kuzimanga mupulasitiki nkuziika mufiliza sabata yathunthu kuti zonse zamkati zife, kenako zikhale kaye panja zili chimangire mpaka kuzizira kuthe. Chikhalenso chouma. Poti kachipangizo koyezera chinyontho tilibe, pali njira ya mchere: chimanga pang'ono ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, kukhutchumula, kudikira pang'ono, mchere ukamamatira m'mbali ndiye kuti chimangacho chibwerere padzuwa. Chonyowa mukachitsekera chimachita nkhungu ndipo pulojekiti yathera pomwepo.

Mabotolowo akhale malo amodzi amthunzi kwa milungu isanu ndi itatu. Otseka zolimba aja asatsegulidwe olo kamodzi, ana amafuna kusuzumira tikuwadziwa, koma chomwe chimapha tizilombo mmenemo nchakuti timamaliza tokha okosijeni, ndiye mukatsegula mwatipatsa wina. Nchifukwa chakenso botolo liyenera kukhala pafupi kudzadza, latheka limasunga mpweya wambiri. Matumba a PICS omwe timagula aja, a mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja, amagwira ntchito chonchi, ndiye mwana akamvetsa botolo atha kuwauza makolo chifukwa chomwe thumba lobooka kapena lomangotsegulatsegula silithandiza.

Tsiku lowerenga mwana akhuthule botolo limodzilimodzi, asefe, awerenge anankafumbwe amoyo ndi akufa, kenako atape njere 100 osasankha nkuwerenga zamabowo. Tiyerekeze chabe, manambala awa ndangopeka kuti muone kawerengedwe: ofanizira apereka 34, 41 ndi 36, kuphatikiza 111, kugawa patatu avereji 37 pa 100. Aphulusa apereka 12, 15 ndi 30, avereji 19. Mwana asathamangire kulemba 19 nkutseka buku, 30 uyo watalikirana ndi anzake, akaone ngati phulusa linasakanizidwa bwino kapena linangokhala pansi, ndipo alembe zimenezo osafufuta nambalayo ayi. Kuyeza kulemera nkwabwinonso koma kumapusitsa, chimanga cha m'botolo la kansalu chimayamwa chinyontho nkulemerako ngakhale chikudyedwa, ndipo phulusa likapanda kusefedwa bwino limawonjezera pasikelo. Kuwerenga mabowo ndiye kodalirika.

Ofanizira aja akapezeka nawonso sanafumbwe kwenikweni musanene kuti njira zonse zagwira, ndiye kuti tizilombo tinafa kapena kunazizira. Izi zitikhudza ife a Zomba chifukwa Juni ndi Julaye kuno kumazizira ndipo anankafumbwe amaswana mochedwa, ine ndikuona bola tiyambe teremu yoyamba kukatentha, ndi ana a fomu 1 ndi fomu 3 poti a fomu 2 ndi 4 ali ndi mayeso a boma.

Panali mkangano pang'ono pa Akiteliki. Ena amafuna akhale njira yachisanu chifukwa ndi amene makolo ambiri amathira, ndipo mfundo yawo ndikuimva, koma tinagwirizana kuti akakhalapo athire ndi mphunzitsi mu labu potsata zomwe zalembedwa pa botolo lake. Mapilitsi otulutsa mpweya wa poizoni aja ndiye ayi ndithu, mwana asawayandikire. Chimanga cha pulojekiti chisadyedwe komanso chisapatsidwe nkhuku.

Nzoona kuti magalamu 300 si thumba la makilo 50, phulusa lokwana botolo pathumba lingafune lochuluka kwambiri, ndipo mwana aziyembekezera funso limenelo kwa majaji, ayambe wawerengetsera yekha kuti pathumba lingakhale makilo angati.

Zofunika kuchokera kwa inu: makolo mutithandize mabotolo agalasi ofanana, chimanga makilo asanu ndi kachitini ka chimanga chofumbwa kale kotengamo tizilombo. Ahedi tikupempha sikelo ya mu labu ndi shelefu imodzi yokhoma. Amene muli ndi filiza kunyumba ndipo mungatisungire kathumba sabata imodzi mundiuze Lachisanu lisanafike.