Kalata kwa a Gavanala a Banki Yaikulu ya Zambia: makina obwereketsa ndalama akusala alimi

Bambo Gavanala,

Ndikulemba ndili kuno ku Chipata. Azakhali anga a ku Chadiza amalima nsawa ndi soya, ndipo m'chilimba chawo sanaphonyepo tsiku lopereka. Mwezi watha anapempha ngongole ya feteleza pa foni kukampani ina. Uthenga wowakana unafika tiyi wawo asanazizire. Ine, wolandira malipiro pamwezi koma wobweza mochedwa (ndisabise), kampani yomweyo inandipatsa.

Palibe munthu anawakana azakhaliwo. Inawakana ndi pulogalamu ya kompyuta yomwe inaphunzira pa kaundula wa anthu amene anabwerekapo kale, n'kumafunafuna ofanana ndi amene anabweza bwino. Tiyerekeze kuti m'kaundulamo muli anthu 1,000. Mwa iwo 900 ndi apantchito a ku Lusaka ndi kumigodi, alimi ndi 100 okha, ambiri obwereka m'chaka cha chilala cha 2024. Pulogalamuyo iphunzira kuti wokhulupirika ndi amene ndalama imalowa mwezi ndi mwezi. Mlimi, amene yake imabwera pamodzi akagulitsa mbewu mu Juni ndi Julayi kenako foni n'kungoti zii, aoneka ngati wothawa ngongole. Za m'chilimba zili m'kabuku ka mlembi wa gulu, kompyuta siziona.

Choipa kwambiri n'chakuti wokanidwa sapeza mwayi wosonyeza kuti akanabweza. Chaka chamawa pulogalamu iphunziranso pa okhawo amene inawavomera, tsankho lija n'kukhwimirakhwimira.

Eni makampani adzakuuzani kuti safunsa ngati munthu ndi mkazi kapena wakumudzi. Safunika kufunsa. Mtundu wa foni, malo amene imagwirira netiweki, ndiponso simu yolembetsedwa m'dzina la mwamuna pomwe malonda ndi a mkazi, zonsezi zimaulula. Mu 2018 atolankhani a Reuters analengeza kuti kampani ya Amazon inasiya pulogalamu yake yosankhira ofunsira ntchito. Inaphunzira pa makalata a zaka khumi, ambiri a amuna, ndipo inkachotsera mapointi makalata okhala ndi mawu otchula akazi, ngakhale palibe anaiuza kutero.

Pempho langa ndi ili. Aliyense wobwereketsa ndi chilolezo chanu azikupatsani chiwerengero cha opempha, ovomerezedwa ndi obweza, boma ndi boma, amuna paokha akazi paokha. Mukapeza kuti amayi a ku Katete amabweza mofanana ndi amuna a ku Kabwata mu Lusaka koma amakanidwa kawirikawiri, vuto lili m'makinawo. Muwayesenso ndi mafomu awiri ofanana zonse, osiyana boma lokha. Ndipo wokanidwa aziuzidwa chifukwa m'chinenero chake, ndi kukhala ndi munthu weniweni wokadandaulako.

Mvula imayamba mu Novembala. Azakhali atenga kale kaloba kwa bambo wina wa pamsika, kobweza ndi theka pamwamba.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa masamu, Chipata