Kalata ya abusa kwa akhristu onse: za magulu a pafoni olonjeza kuchulukitsa ndalama

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Chisomo ndi mtendere zikhale nanu. Ndalemba kalatayi chifukwa nkhani yomwe ndili nayo ili ndi masamu, ndipo masamu safuna kungowamva pa guwa kamodzi kokha. Iwerengeni mofatsa kunyumba, ndipo muwawerengereko agogo ndi ena amene maso akuwavuta.

Masiku apitawa kunabwera mayi wina wa mumpingo mwathu muno, ndipo wandilola kufotokoza nkhani yake popanda kutchula dzina. Mnzake wa kwaya anamulowetsa pa gulupu ya WhatsApp ya anthu “oika ndalama mu kiripito”, kutanthauza ndalama za pakompyuta zimene zimagulidwa ndi kugulitsidwa pa intaneti. Pa gulupupo panali adimini amene ankamutchula kuti mphunzitsi, ndipo m’mawa uliwonse anthu ankatumiza zithunzi za mauthenga osonyeza kuti alandira ndalama. Mayiyu anayamba ndi K50,000 atalonjezedwa phindu la 30 peresenti pamwezi. Mwezi utatha analandiradi K15,000 pa foni yake. Ataona choncho anakongola K300,000 ku banki mkhonde n’kuwonjezera, anaitananso mng’ono wake ndi mlamu wake. Pa pulogalamu ya pafoni imene anamuuza kuti aike, manambala ankakwera tsiku ndi tsiku. Tsiku lomwe anafuna kutapa ndalama ya fizi ya mwana, anamuuza kuti ayambe walipira K60,000 ya “msonkho”. Analipira. Patapita masiku atatu gulupu inatsekedwa moti wolemba anali adimini yekha, kenako inasowa. Ngongole ya ku banki mkhonde ikadalipo, ndipo mng’ono wake sakumulankhula.

Mayiyu si wopusa. Ndi munthu wolimbikira amene amasunga bwino mabuku a bizinesi yake. Chomwe chinamukola ndi K15,000 yoyamba ija, ndiye ndikufuna tione komwe inachokera.

Tiyerekeze kuti mwezi woyamba mwalowa anthu 10, aliyense ndi K50,000. Mwini gulupu wagwira K500,000. Sagula nayo kanthu, sagulitsa kanthu. Mwezi ukatha amapatsa aliyense K15,000, yonse pamodzi K150,000, kuchokera pa ndalama zawo zomwezo. Anthu 10 aja asangalala, aliyense abweretsa anzake atatu. Alowa 30 atsopano ndi K1,500,000, ndipo mwezi wachiwiri akulipira anthu 40 ndalama yokwana K600,000. Mwezi wachitatu alowa 90, onse pamodzi akwana 130, ndipo malipiro a mweziwo ndi K1,950,000. Tsopano tawerengani. Anthu 130 aja aika K6,500,000, ndipo aliyense akukhulupirira kuti mpamba wake ulipo. Koma K2,700,000 yatuluka kale ngati “phindu”, ndiye yotsala ndi K3,800,000 basi, ngakhale mwini gulupu atakhala kuti sanadyepo tambala. Kuti zipitirire choncho, olowa kumene ayenera kumachuluka katatu mwezi uliwonse, ndipo pofika mwezi wa 15 pangafunike anthu atsopano oposa 47 miliyoni, ochuluka kuposa anthu onse a m’Malawi muno. Mwini gulupu masamuwa amawadziwa kuyambira tsiku loyamba. Sadikira kuti anthu athe. Amathawa pamene ndalama zachuluka kwambiri, nthawi yomwe aliyense akuona ngati zinthu zikuyenda bwino.

Choncho wina akakuuzani kuti “ine ndalandira kale kawiri”, angakhale akunena zoona, koma umenewo si umboni. Kulipira oyamba ndi nyambo. Ndalama yomwe walandirayo ndi ya mnzake amene walowa pambuyo pake, mwina wokhala naye benchi imodzi Lamulungu.

Chinyengochi ndi chakale. Chimatchedwa ndi dzina la Charles Ponzi, amene mu 1920 ku Boston, m’dziko la America, ankalonjeza phindu la 50 peresenti m’masiku 45. Ena mukukumbukira MMM ya Sergei Mavrodi wa ku Russia, imene inkalonjeza 30 peresenti pamwezi ndipo inaliza anthu ku South Africa, ku Zimbabwe ndi ku Nigeria cha m’ma 2016. Abale athu a ku Joni akudziwa za Mirror Trading International, yomwe inkati ili ndi makina apakompyuta ochita malonda ndi kiripito ya anthu yotchedwa Bitcoin, ndipo inagwa mu Disembala 2020 mkulu wake, Johann Steynberg, atathawira ku Brazil. Mayina amasintha, koma kachitidwe kake ndi komweko. Mawu akuti kiripito amangowathandiza kuti tichite manyazi kufunsa, poopa kuoneka otsalira.

Ndiye funsani. Funso loyamba ndi ili: phinduli likuchokera kuti? Ku banki mkhonde yankho mumalidziwa. Amene wakongola amabweza ndi chiwongoladzanja, buku lilipo, ndipo onse mumadziwana nkhope ndi makomo. Wogulitsa tomato akhoza kukuuzani komwe wapikula ndi mtengo wake. Koma pa gulupu ija mukafunsa, amakuyankhani ndi mawu aatali achizungu, kapena amakudzudzulani kuti mukugwetsa anzanu ulesi, kapena amakuchotsani. Malonda enieni a kiripito alipo ndithu, koma mitengo yake imakwera ndi kutsika kwambiri, moti munthu akhoza kuluza gawo lalikulu la mpamba wake m’sabata imodzi. N’chifukwa chake palibe munthu woona mtima amene angakulonjezeni phindu lokhazikika pa malonda amenewo. Lonjezo loti “simungaluze” palokha ndi chizindikiro chokwanira kuti mutulukemo. Taganizaninso: K100,000 ikamakula ndi 30 peresenti mwezi uliwonse, phindu n’kumabwereramo, pakutha chaka imadutsa K2,300,000. Munthu amene alidi ndi luso lotere sangavutike kupempha K50,000 yanu pa WhatsApp. Angakongole ku banki n’kulemera yekha mwakachetechete.

Chachiwiri, yang’anani chimene akukulipirirani. Ngati mphotho yaikulu ikubwera mukalowetsa anthu ena, ngati pali masitepe onga VIP 1 ndi VIP 2 okwera malinga ndi ndalama zomwe mwaika komanso anthu omwe mwabweretsa, dziwani kuti katundu amene akugulitsidwa pamenepo ndi abale anu. Amakondanso kufulumizitsa anthu: malo atsala ochepa, mwayi utha usiku uno, musauze amuna anu kapena akazi anu mpaka mutawadzidzimutsa ndi phindu. Amafuna musapeze mpata wofunsa munthu amene angakubwezeni.

Onaninso njira imene ndalama ikudutsa. Amakuuzani kutumiza pa nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya munthu wamba, ndipo dzina lotuluka pa foni lero si limene linatuluka sabata yatha. Ena amati mugule kiripito yotchedwa USDT kwa ejenti wawo n’kuitumiza ku adiresi yaitali ya zilembo ndi manambala. Kiripito ikatumizidwa palibe ofesi yomwe ingaibweze. Pulogalamu yawo amakupatsani kudzera pa linki ya pa gulupu kapena pa Telegram, ndipo manambala okwera omwe mumaona mmenemo amalembedwa ndi eni ake, monga momwe ine ndingalembere K1,000,000 pa pepala n’kukupatsani. Zithunzi za mauthenga a ndalama nazo n’zosavuta kupanga, ndipo ena mwa “mamembala” othokoza tsiku lililonse ndi mafoni a mwini gulupu yemweyo. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m’kati muli nyerere.

Chizindikiro chomaliza chimabwera pochedwa, koma chikhoza kukupulumutsirani ndalama zotsala. Mukafuna kutapa n’kukuuzani kuti muyambe mwalipira msonkho, fizi yotsegulira akaunti kapena chindapusa, musalipire. Bungwe lenileni limadula zoyenera kudula pa ndalama zomwe lakusungirani kale. Chimodzimodzi akayamba kunena kuti makina akukonzedwa, kapena kuti kutapa kwaimitsidwa kwa milungu iwiri koma kuika kukuloledwa ndi bonasi, ndiye kuti akulongedza.

Ena amaonetsa satifiketi ya kampani. Kulembetsa kampani ndi chinthu china, kukhala ndi chilolezo cholandira ndalama za anthu ndi chinanso. Kuno kwathu zilolezo za mabanki, ma SACCO ndi makampani oyendetsa ndalama za anthu zimachokera kwa Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Banki yaikuluyi inanena kale kuti kiripito si ndalama yovomerezeka ndi lamulo m’dziko muno. Funsani ku Reserve Bank komweko ngati dzina la bungwelo lili pa mndandanda wawo. Musafunse adimini.

Chimene chimandipweteka kwambiri monga mbusa ndi chakuti akubawa aphunzira chilankhulo chathu. Amatsegula gulupu ndi pemphero, amatcha phindu lawo madalitso, amauza wokayika kuti alibe chikhulupiriro. Amadziwa kuti mu mpingo timakhulupirirana, ndipo akakola mkulu wa mpingo mmodzi kapena mtsogoleri wa amayi, akola mudzi wonse. Kufunsa mafunso pa ndalama si kusakhulupirira Mulungu. Miyambo 14:15 imasiyanitsa munthu wokhulupirira mawu aliwonse ndi wochenjera amene amasamala mayendedwe ake. Ndikupempha kuti magulupu a mpingo, a kwaya, a achinyamata ndi a amayi asagwiritsidwe ntchito kutumizirana malinki a zimenezi, ndipo ndalama ya gulu lililonse la mpingo isaikidwe kumeneko. Wina akakuuzani kuti abusa avomereza kapena alowa nawo, ndiimbireni. Sindinavomereze, ndipo sindidzavomereza.

Kwa inu amene muli kale mkati: lekani kuwonjezera, ndipo lekani kuitana ena ngakhale atakuuzani kuti ndiyo njira yobwezeretsera zanu. Musanachotsedwe pa gulupu, jambulani mauthenga, manambala omwe munatumizako ndalama ndi mauthenga otsimikiza kutumizako. Dziwitsani mwamsanga kampani ya foni kapena banki yomwe munadutsira, kenako kadandauleni kupolisi. Sindingakunamizeni kuti ndalama zidzabwerera, chifukwa kawirikawiri sizibwerera, koma dandaulo lanu likhoza kutseketsa nambala imene ikubera ena. Chenjeraninso ndi amene adzakuimbireni kuti angakuthandizeni kubweza zotayikazo mukamulipira kaye. Nthawi zambiri amakhala omwewo, akubwerera ndi nambala ina.

Ngati munalowetsa mbale wanu, pitani mukamuuze nokha asanamve kwa ena. Ngati munalandirapo mphotho chifukwa cha iye, kambiranani za kumubwezera. Inu amene munalowetsedwa, kumbukirani kuti wokuitananiyo mwina naye analuza, ndipo anakuitanani akuganiza kuti akukuchitirani zabwino. Kumene nkhani yafika povuta, ine ndi akulu a mpingo tidzakhala nanu pansi mwachinsinsi. Ndimapezeka ku ofesi ya mpingo Lachitatu lililonse masana, ndipo amene akufuna kuti tione limodzi uthenga womwe walandira abwere ndi foni yake asanatumize ndalama iliyonse.

Ambuye akusungeni inu ndi mabanja anu.

Ine wanu mu utumiki,
Mbusa wanu